Kutaipa Kope la M'labotale: Kamzere, Kadontho ndi Tinambala Tam'munsi

Munthu akamataipa kalata wamba n'kulakwitsa chilembo chimodzi, wowerenga amadziwiratu kuti apa chala chinaterereka, ndipo amangopitiriza. Mafomula a kemisitiri alibe chifundo chotero. Mukaphonya kanambala kamodzi, kawirikawiri chotuluka chimakhala fomula ina yolondola bwinobwino, koma ya mankhwala ena. NO₃⁻ ndi naitireti, NO₂⁻ ndi naitiraiti, ndipo zonsezi zimapezeka m'madzi. Co ndi chitsulo chotchedwa kobati, pamene CO ndi mpweya wakupha uja umatuluka pa mbaula ya makala m'chipinda chotseka mawindo. Kompyuta sikuchenjezani, ndipo amene adzawerenge lipotilo ku Lilongwe sadzakhala ndi chifukwa chokayikira, poti chimene akuona pa pepala chikumveka.

Kuno ku Mangochi makope ambiri otere ndi okhudza madzi: madzi a m'mijigo ya ku Namwera kapena ku Makanjira, madzi a m'madamu a chambo ndi makumba, madzi a mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe. Woyeza amalemba ndi bolopeni ali chiimire pa benchi, thukuta la mu Okotobala likudonthera pa tsamba, ndipo tinambala tam'munsi timatuluka ngati tizitosi ta ntchentche. Kenako kopelo limapita kwa munthu wina kuti alilowetse mu kompyuta: mlembi wa mu ofesi, wophunzira amene ali pa ntchito yoyeserera, kapena mnyamata wa pa shopu yotaipira pa boma. Munthuyu mwina kemisitiri anaisiyira ku Fomu 4. Zimenezo sizimuletsa kugwira ntchitoyo bwino, bola adziwe malo amene tanthauzo limatayikira, ndiponso adziwe kuti udindo wake ndi kukopera zimene zalembedwa, osati zimene akuganiza kuti wolemba ankafuna kulemba.

Tiyeni titenge tsamba limodzi. Ndi lachitsanzo chabe, koma masamu ake ndi enieni ndipo mutha kuwawerengera nokha pa foni. Likataipidwa molondola liyenera kuoneka motere:

```
Mjigo 3
pH      7.20
EC      96 mS/m
NO₃-N   12.4 mg/L
NO₂-N   <0.01 mg/L
```

Mzere woopsa kwambiri pa tsambali ndi wa NO₃-N. M'kope, woyeza walemba N, O, ka 3 kakang'ono pansi, kamzere, kenako N wina. Wotaipa amene akukumbukira za kusukulu amadziwa kuti naitireti imakhala ndi chaji ya kuchotsa pamwamba, ndiye kamzereko amakatenga ngati chaji imene yangotsika pang'ono. N womalizayo amamuona ngati wobwereza, kapena ngati wolemba anayamba mawu ena n'kuwasiya. Amataipa NO₃⁻ 12.4 mg/L, ndipo tsambalo limaoneka laukhondo kuposa kope lenilenilo.

Koma N ameneyo ndiye akunena chimene chayezedwa. Naitireti imodzi ili ndi atomu imodzi ya naitirojeni ndi maatomu atatu a okosijeni. Naitirojeniyo imalemera 14, okosijeni iliyonse 16, ndiye naitireti yonse imalemera 62. Malabotale ena amalemba kulemera kwa naitireti yonse, ena amalemba kulemera kwa naitirojeni yokha imene ili mkatimo, ndipo amenewa ndi amene amawonjezera kamzere ndi N. Kusiyana kwake ndi 62 kugawa ndi 14, pafupifupi 4.43. Choncho 12.4 mg/L ya NO₃-N ndi chimodzimodzi ndi 54.9 mg/L ya NO₃⁻.

Bungwe la WHO linaika malire a naitireti m'madzi akumwa pa 50 mg/L ngati mukuwerenga naitireti yonse, kapena 11 mg/L ngati mukuwerenga naitirojeni yokha. Malirewo anaikidwa makamaka chifukwa cha makanda omwa mkaka wosungunula ndi madzi, poti naitireti yochuluka imasokoneza magazi awo kunyamula okosijeni. Mjigo wathu, ndi 12.4 yake, wadutsa malire a 11. Mukachotsa N uja, wowerenga ayerekezera 12.4 ndi 50, aona kuti madziwo sanafike ngakhale pa theka la malire, ndipo mjigo woyenera kufufuzidwa, mwina woti chimbudzi kapena khola zili pafupi, ulembedwa kuti uli bwino. Nambala ya 12.4 yataipidwa molondola ndithu. Chimene chasowa ndi chilembo chimodzi.

Nanga ngati inki yafalikira ndipo simukutha kuona ngati pali N kapena ayi? Musaganizire. Tembenuzani masamba kubwerera m'mbuyo mpaka mupeze pamene woyezayo analemba m'mene anakonzera sitandadi yake, ndiye kuti madzi amene iye mwini anathiramo mankhwala odziwika kuchuluka kwake kuti ayerekezere nawo masampulo. Sitandadi ya naitireti kawirikawiri imakonzedwa ndi potaziyamu naitireti, KNO₃, imene kulemera kwake ndi 101.10. Ngati analemba kuti anasungunula magalamu 0.7218 mu lita imodzi n'kuitcha 100 mg/L, ndiye kuti akuwerenga naitirojeni yokha, chifukwa 0.7218 kuchulukitsa ndi 14 n'kugawa ndi 101.10 ikupereka magalamu 0.1, omwe ndi mamiligalamu 100. Akanakhala kuti akuwerenga naitireti yonse, akanayeza magalamu 0.163 okha. Manambala awiriwa ndi otalikirana kwambiri moti ngakhale m'kope lolembedwa mothamanga simungawasokoneze. Tsamba lomwelo limathandizanso pa ka 2 ndi ka 3, amene pa kukula kwa tinambala tam'munsi amafanana zedi: pamene pali KNO₃ nkhani ndi ya naitireti, pamene pali NaNO₂ nkhani ndi ya naitiraiti, imene malire ake a WHO ndi 3 mg/L basi.

Ngati woyezayo amagwiritsa ntchito kamakina kowerenga mtundu wa madzi kokhala ndi mapulogalamu ake kale, tsamba la sitandadi mwina simulipeza. Makina otere ambiri amatha kuonetsa zotsatira m'njira zonse ziwiri, kutengera m'mene mwiniwake anawatcherera. Apa mwatsala ndi njira imodzi, kumufunsa.

Ngakhale mutapeza umboni pa tsamba la sitandadi, umboniwo sukupatsani ufulu wokonza mwakachetechete. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene otaipa odziwako kemisitiri amakhala oopsa kuposa osadziwa. Wosadziwa amakopera chimene akuona. Wodziwako pang'ono amakonza, ndipo pambuyo pake palibenso amene angasiyanitse zimene woyeza analemba ndi zimene wotaipa anaganiza. Njira yabwino ndi kukhala ndi mizati iwiri. Mu woyamba mulembe monga zilili m'kope, ndipo pamene pasakuwerengeka muike chizindikiro chimodzi chimene mwagwirizana, monga `[?]`. Mu wachiwiri mulembe ndemanga yanu, mwachitsanzo yakuti chilembo chakumapeto chafufutika koma sitandadi ya pa tsamba 14 ndi ya magalamu 0.7218, zimene zikusonyeza NO₃-N. Kufunsa kwake sikutenga nthawi:

"Pepanitu achimwene, apa pa mjigo wachitatu, pambuyo pa kamzereka pali N kapena ndi inki chabe?"

"Ndi N ameneyo, mayi. Zonse za m'kope limeneli ndimalemba za naitirojeni."

"Ndiye paja pa tsamba lachisanu palibe N paja ndiwonjezere?"

"Ayi, musiye momwemo, mungolemba pambali kuti ndanena ndine. Ndidzasainira."

Yankho lomalizalo ndi la munthu wodziwa ntchito yake. Kope la m'labotale ndi umboni wa zimene zinachitika tsiku limenelo, n'chifukwa chake woyeza wabwino akalakwitsa safufuta ndi labala kapena kupaka inki yoyera, amangodula mzere umodzi pa nambala yolakwikayo kuti izionekabe, n'kulemba yolondola pambali. Inunso mutaipe zonse ziwiri, yodulidwayo muionetse kuti ndi yodulidwa. Nthawi zina pambuyo pake zimadzapezeka kuti yodulidwayo ndiyo inali yoona.

Mzere wa EC ukutifikitsa pa mayunitsi. EC ndi muyeso wa m'mene madzi amadutsitsira magetsi, ndipo umasonyeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzimo. Makina ena amaonetsa µS/cm, ena mS/cm, malipoti ena amalemba mS/m. Pa dzanja la munthu wothamanga, µ ndi m zimasiyana ndi kamchira kokha kotsikira pansi kumanzere, ndipo cm ndi m zimasiyana ndi ka c kamene kamatha kumamatira ku kamzere kopendekeka. Tanthauzo lake ndi ili: 1 mS/cm ndi 1000 µS/cm, pamene 1 mS/m ndi 10 µS/cm. Ndiye 96 mS/m ya mjigo wathu ndi 960 µS/cm.

Pofuna kudziwa ngati mwawerenga bwino, sungani m'mutu manambala awiri. Madzi a m'nyanja ya Malawi amakhala pakati pa 200 ndi 300 µS/cm, ndipo madzi a m'nyanja zamchere monga ya ku Beira amakhala cha m'ma 50 mS/cm. Mukataipa 96 mS/cm, mwanena kuti mjigowo uli ndi mchere pafupifupi kuwirikiza kawiri nyanja yamchere, ndipo aliyense wodziwa za madzi aona msanga kuti n'zosatheka. Cholakwa chotere sichivuta, chimadziulula chokha. Chovuta ndi 96 µS/cm, chifukwa madzi otero alipo, monga a m'timitsinje ta m'mapiri, ndipo palibe angadabwe pokhapokha atayang'ana mijigo yoyandikana nayo. Ngati ina yonse pa tsambalo ili cha m'ma 800 kapena 1000 µS/cm, ndiye 96 yokhayokhayo ikufunika kuibwerera. Ndipo musasinthe mayunitsi kuti afanane mu tebulo lonse pamene mukukopera. Kusandutsa mS/m kukhala µS/cm ndi ntchito ina, ya mu mzati wina, imene aliyense ayenera kutha kuiona ndi kuiwerengeranso.

Ka µ kali ndi msampha wina wa mu kompyuta momwemo. Anthu ambiri anaphunzira kukalemba potaipa m wamba n'kumusintha fonti kukhala `Symbol`. Pa sikirini amaonekadi ngati µ, koma mkati mwa fayilo akadali m. Tsiku limene wina adzasankhe lipoti lonse n'kulisintha kukhala `Times New Roman`, kapena kukopera tebulolo kupita mu Excel ngati mawu wamba, µg/L aliyense amasanduka mg/L, ndipo zotsatira zonse zakwera kuwirikiza 1000 popanda wina kukhudza nambala. Malire a WHO a aseniki, mwachitsanzo, ndi 10 µg/L, ndipo 10 mg/L ndi madzi a poizoni weniweni. Lembani µ weniweni: gwirani `Alt` n'kutaipa `0181` pa manambala a kumanja kwa kiyibodi. Pa laputopu yopanda manambala amenewo, mupezeni kamodzi kudzera pa `Insert` kenako `Symbol`, osasintha fonti, n'kumukopera kuchokera pamenepo.

Zotsala pa tsambali ndi zazing'ono koma zimatayika kawirikawiri. Ziro wa mu 7.20 akunena kuti makinawo amawerenga mpaka malo awiri, ndipo Excel imamudya n'kusiya 7.2 ngati simunakonze mzatiwo kukhala `Text` musanayambe kutaipa. Chizindikiro cha mu <0.01 chikutanthauza kuti naitiraiti inali yochepa kuposa imene njirayo ingathe kuona. Mukachichotsa mwanena kuti inapezeka ndipo inali 0.01, mukaika 0 mwanena kuti munalibiretu, ndipo zonsezi woyeza sananene. Palinso nkhani ya koma. Tili pafupi ndi Mozambique, Chiponde ndi Mandimba ndi khomo ndi khomo, ndipo anzathu ophunzira kumeneko, ngati a ku maiko ambiri a ku Ulaya, amalemba koma pamene ife timaika kadontho. Kwa iwo 1,250 g ndi galamu imodzi ndi kota, kwa ife ndi magalamu oposa 1000. Onani m'mene wolembayo amalembera theka pa masamba ena. Mukapeza 0,5 ndiye mwadziwa dzanja lake.

Tsopano tipite ku tsamba la mankhwala, kumene kuli kadontho kamene kamavutitsa kwambiri. Oyeza okosijeni m'madamu a nsomba, akapanda makina, amagwiritsa ntchito njira ya Winkler, imene inayamba mu 1888 ndipo ikugwirabe ntchito. Pa mapeto pake amadonthetsa sodiyamu thayosalufeti m'sampulo mpaka mtundu wabuluu wa sitachi utazimirira. M'kope mupeza mzere wonga uwu:

```
Na₂S₂O₃·5H₂O   6.205 g → 1 L   (0.025 M)
```

Pa mzere umenewu pali manambala a mitundu iwiri. Tinambala tam'munsi, 2, 2, 3 ndi 2 wa mu H₂O, tikuwerenga maatomu a chilembo chimene chili kumanzere kwake. Koma 5 ndi wamkulu, waima pa mzere, ndipo akuwerenga zimene zili kumanja kwake: mamolekyulu asanu a madzi amene amakhala mkati mwa mchere umenewu ngakhale ukuoneka wouma. Kadontho kali pakati m'mwamba pang'ono, ndipo si kadontho ka desimali. Anthu ambiri polemba pa manja amakaika pansi, 5 n'kumuchepetsa, ndiye wotaipa amaona ngati 3.5 yonse ndi nambala imodzi yam'munsi. Pa kopa salufeti, CuSO₄·5H₂O, zimatuluka 4.5 yam'munsi. Apa pokha cholakwacho chimaoneka, poti palibe atomu ya theka. Ndipo onjezerani kuti S ndi 5 pa dzanja la anthu ambiri ndi mapasa.

Choopsa chenicheni ndi kusiya mbali ya madziyo, poganiza kuti H₂O ikungonena kuti mankhwalawo anasungunulidwa m'madzi. Na₂S₂O₃ yopanda madzi iliko, imagulitsidwa m'botolo lakelake, ndipo imalemera 158.11 pamene ya madzi asanu imalemera 248.18. Kuti mupeze msanganizo wa mphamvu ya 0.025 M mu lita imodzi, ya madzi imafunika magalamu 6.205, yopanda madzi magalamu 3.953. Wina akadzatsatira lipoti lanu n'kuyeza magalamu 6.205 a yopanda madzi, msanganizo wake udzakhala 0.039 M, wamphamvu kuposa woyenera ndi 57 pa 100 iliyonse. M'njira imeneyi, pa sampulo ya mamililita 200, mililita imodzi ya 0.025 M imaimira 1 mg/L ya okosijeni. Ndi msanganizo wamphamvuwo, mtundu udzazimirira msanga, ndipo damu lokhala ndi 7.0 mg/L lidzaoneka ngati lili ndi 4.5. Woyeza wosamala amayesa kaye mphamvu ya msanganizo wake asanayambe, ndipo angagwire cholakwacho, koma si onse amatero tsiku lililonse. Mlimi angauzidwe kuti achepetse chakudya kapena asinthe madzi m'damu loti lilibe vuto.

Onani kuti mzere womwewo uli ndi mboni yake. Pali zinthu zinayi: fomula, kulemera, kuchuluka kwa madzi ndi mphamvu ya msanganizo. Mukadziwa zitatu, chachinayi chimadziwika. Gawani 6.205 ndi 0.025, mupeza 248.2, ndipo kulemera kumeneko ndi kwa mchere wa madzi asanu. Mukanapeza 158 ukanakhala wopanda madzi. Mukanapeza 126 mukanadziwa kuti ka 2 kachiwiri kulibe ndipo mankhwalawo ndi Na₂SO₃, sodiyamu salufaiti, chinthu china kotheratu. Kulemera kwa mankhwala kumalembedwa pa chizindikiro cha botolo, ndiye ngati labotale ili pafupi, pemphani kuti muone botololo kapena akujambulireni. Masamu amenewa ndi a sekondi makumi awiri, ndipo ine ndingakonde wotaipa awachite pa mzere uliwonse wa mankhwala, ngakhale pamene zilembo zikuoneka bwino. M wamkulu wa mu 0.025 M naye asiyidwe momwe alili. Chilembo cha m wamng'ono chikutanthauza muyeso wina, mM ndi gawo limodzi mwa magawo 1000, ndipo makope akale amalemba N, amene pa thayosalufeti amafanana ndi M koma pa H₂SO₄ safanana, poti 1 M ya asidi ameneyu ndi 2 N. Mukaona N, taipani N.

Kuwerenga bwino kope ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kuonetsetsa kuti zimene mwataipa zikhalabe momwemo fayilo ikamayenda. Mu Word, batani la `Subscript` limatsitsa nambala pansi, `Ctrl`, `Shift` ndi `+` zimaikweza pamwamba. Zimaoneka bwino pa pepala, koma kutsika ndi kukwerako ndi chovala chabe, nambalayo ikadali wamba. Mukakopera mzerewo kupita pa WhatsApp, kapena kusunga tebulo ngati fayilo ya `.csv`, zonse zimabwerera pa mzere umodzi. H₂O ikasanduka H2O palibe amene asokonezeke. Koma salufeti, SO₄²⁻, imasanduka SO42-, ndipo 10³ imasanduka 103. Choipitsitsa ndi 10⁻³, imene imakhala 10-3, ndipo Excel ikaiona imatha kuitenga ngati deti, n'kukulemberani tsiku la mu Malichi kapena mu Okotobala.

Pali njira ziwiri zodalirika, ndipo musankhe imodzi pa ntchito yonse. Yoyamba ndi kugwiritsa ntchito zilembo zimene ndi zam'munsi kapena zam'mwamba mwa chibadwa chake. Mu Word, taipani `U+2082` n'kudina `Alt` ndi `X`, mupeza ₂. Momwemonso `U+2083` ndi ₃, `U+2084` ndi ₄, `U+207B` ndi ⁻, ndipo kadontho kapakati ndi `U+00B7`. Musasiye `U+` wakutsogoloyo, chifukwa ngati chilembo cha kumanzere ndi C, F kapena nambala, Word imachiphatikiza ku nambala ya chizindikirocho n'kutulutsa china. Zilembo zimenezi sizisintha mukazitumiza pa foni. Kuipa kwake n'kwakuti mafonti ena alibe zonse ndipo amaonetsa timabokosi, komanso munthu wofufuza `NO3` mu fayilo sangapeze NO₃. Njira yachiwiri, imene ndimaikonda pa matebulo a Excel, ndi kulemba zonse pa mzere umodzi mwadala koma mosasiya mpata wokayikira, n'kufotokoza kalembedweko pamwamba pa tsamba loyamba:

```
SO4^2-    Fe^3+    NO3-N    1.0E-03    Na2S2O3.5H2O
```

Musanataipe chilembo choyamba, zimitsani zokonza zokha za Word. Pitani pa `File`, `Options`, `Proofing`, `AutoCorrect Options`, ndipo muchotse chizindikiro pa `Capitalize first letter of table cells`, pa `Capitalize first letter of sentences` ndi pa `Correct TWo INitial CApitals`. Yoyambayo ndi imene imasandutsa mg wa m'kabokosi ka tebulo kukhala Mg, yemwe ndi maginiziyamu, ndipo yomalizayo imatha kusandutsa HCl kukhala Hcl. Pa Cl pomwepo samalaninso chala chanu: chilembo chachiwiri ndi l wamng'ono, osati I wamkulu. M'mafonti ngati `Arial` ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndiye poyang'ananso ntchito yanu sinthani kaye kukhala `Consolas`, mmene l, I ndi 1 komanso O ndi 0 zimasiyana poyera.

Dzanja la munthu aliyense lili ndi chizolowezi chake, choncho ndi bwino kuwerenga kope lonse kaye musanakhudze kiyibodi, n'kudzipangira kapepala kosonyeza m'mene wolembayo amalembera 1 ndi 7, 2 ndi 3, 5 ndi S, µ ndi m. Zitsanzo zake muzitenge pamalo osakayikitsa, monga pa madeti ndi manambala a masamba, kapena pa fomula yodziwika ngati H₂O. Jambulani tsamba lililonse ndi foni pa kuwala kwa panja koma pa mthunzi, foni ili molunjika pamwamba pa tsamba, chifukwa chithunzi chopendekeka chimasuntha tinambala tam'munsi n'kutikweza pa mzere. Zithunzizo zitumizidwe ngati fayilo, poti zikatumizidwa ngati chithunzi wamba pa WhatsApp zimachepetsedwa, ndipo choyamba kufufutika ndi timadontho ndi timizere tomwe tikukambazi.

Kuyang'ananso kumafuna anthu awiri. Mmodzi agwire kope, wina ayang'ane pa sikirini, ndipo wowerenga mokweza akhale wa pa sikirini, kuti wa kopeyo azimva zimene zataipidwa n'kuziyerekeza ndi zimene maso ake akuona. Asatchule dzina la mankhwala, chifukwa akangoti naitireti onse awiri avomera osayang'ana. Atchule chilembo chimodzichimodzi ndi malo ake: N wamkulu, O wamkulu, 3 wam'munsi, kamzere kapakati, N wamkulu, 12, kadontho, 4, m wamng'ono, g wamng'ono, pa L wamkulu. Zimachedwa, ndipo pa kope lalitali zimatopetsa, ndiye ngati nthawi yachepa werengani motere mitu ya mizati yonse, mayunitsi onse ndi mizere ya mankhwala, chifukwa cholakwa cha pa mutu wa mzati chimaipitsa nambala iliyonse ya pansi pake.

Mukamaliza, yesani fayiloyo m'njira imene idzayendere. Ngati ikupita ngati `.csv`, isungeni choncho, itsekeni, muitsegulenso mu `Notepad` n'kuyang'ana µ, kadontho ka pa 5H₂O ndi ziro wa mu 7.20. Ngati µ wasanduka `?` kapena `Âµ`, isungeninso posankha `CSV UTF-8` ndi kuuza wolandirayo kuti aitsegule motero. Pomaliza tumizani fayiloyo pamodzi ndi zithunzi za masamba, nambala ya tsamba la m'kope ili pa mzere uliwonse, ndipo mafunso amene mwini kope sanayankhe asiyeni ndi `[?]` wawo.